Malonda Otchaja Mafoni: Yambani Mwaŵerenga, Kugula Pambuyo

Soya atangogulitsidwa, mwana wa mlongo wanga adandipeza kusukulu kumene ndimaphunzitsa, m'manja muli kapepala. Kwawo ndi kumudzi wina wa kuseri kwa Nsaru, kumene mawaya a ESCOM sadafike, ndipo anthu a kumeneko amapalasa njinga ulendo wa ola lathunthu kukatchajitsa mafoni. Iye adaganiza zoti ndalama za soya, pamodzi ndi zimene mkazi wake adabwereka kubanki mkhonde, azisandutse kanyumba kotchajira mafoni.

"Atsibweni," adatero, "ndalemba kale zogula. Sola ya mawati 100, batire ya galimoto, inveta, ndi masoketi atatu aataliatali aja. Mungondiperekeza ku Malangalanga."

Maganizo ake sadali oipa. Kalembera wa 1998 ndi wa 2008 tiwasiye. Wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malaŵi muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo zambiri mwa izo zidali za m'tauni. Koma foni idaloŵa kale m'mudzi uliwonse, pakuti ndiyo imanyamula ndalama za Mpamba ndi Airtel Money, uthenga wa maliro, ngakhalenso tochi ya usiku. Malo adasankhanso bwino. Pa Namitete kapena pa Mpingu, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, mwini sola sangapikisane ndi wometa tsitsi amene ali ndi magetsi a pamzere. Malondaŵa amakoma kumene mapolo adalekezera.

Chimene chidandidetsa nkhaŵa ndi chakuti pakapepalapo padalibe chiŵerengero cha mafoni. Nditamfunsa kuti akuyembekeza angati pa tsiku, adangoti, "Ambiri." Ndidamuuza kuti abwerere, akakhale sabata imodzi pamphambano pamene afuna kumanga, azifunsa aliyense wopita kukatchajitsa, nalemba mtundu wa foni yake. Adabwerera monyinyirika. Atabweranso adati pa tsiku la msika adaŵerenga mafoni a mabatani 30 ndi mafoni aakulu osisita ndi chala 15, koma masiku ena onse chiŵerengerocho chinkatsika ndi theka.

Apa ndi pamene masamu adayambira, ndipo aŵerengi asaope, ndi masamu a Sitandade 6. Mphamvu ya magetsi imayezedwa ngati mmene timaŵerengera ganyu: anthu angati, kwa maola angati. Babu la mawati 5 likayaka maola 4, ladya miyeso 20, ndipo muyeso umenewu tiutche wati-ola. Foni ya mabatani yokhala ndi batire yaing'ono imadya pafupifupi miyeso 6, kuphatikizapo imene imataika ngati kutentha kwa chaja. Foni yaikulu ya masiku ano, imene pabatire yake palembedwa 5000 mAh, imadya pafupifupi 25. Ndiye kuti foni yaikulu imodzi ilingana ndi zazing'ono zinayi. Mafoni 30 aja afuna miyeso 180, aakulu 15 afuna 375, babu la m'kanyumbamo 20. Zonse pamodzi ndi 575, tingoti 600.

Tsono sola ya mawati 100 ipereka zingati? Anthu ambiri amaganiza kuti popeza dzuŵa limakhala kumwamba maola 12, ndiye kuti apeza 1,200. Si choncho ayi. Dzuŵa la m'mamaŵa ndi la madzulo ndi lofooka, ndipo tikaliphatikiza lonse, kuno ku Lilongwe limalingana ndi maola 5 kapena 6 a dzuŵa la paliwombo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, mitambo ikachita kuphimba, munthu wanzeru amaŵerengera maola 4 okha. Komanso sola ikatentha mphamvu yake imatsika, fumbi limadyako, mawaya ndi batire zimadyako, kotero kuti chofika m'mafoni ndi magawo 7 mwa 10. Mawati 100 kuchulukitsa ndi maola 4 ndi 400, ndipo magawo 7 mwa 10 a 400 ndi 280. Mnyamata uja amafuna 600. Sola yake ikadakwanitsa mafoni aakulu 11 basi, ena onse nkumakama batire.

Tidagwirizana zogula masola aŵiri a mawati 120 imodzi, amene pa masamu omwewo apereka pafupifupi 670 ngakhale m'dzinja. Pakati pa masola ndi batire payenera kukhala leguleta, kachipangizo koletsa batire kudzaza mopyola ndi kutha mopyola. Masola aŵiri otere amatulutsa maampu pafupifupi 14 masana, choncho leguleta ya maampu 10 ingapse; yoyenera ndi ya 20. Poikhoma padenga sola iyang'ane kumpoto, pakuti ife tili kumwera kwa ikweta ndipo miyezi yoposa isanu ndi itatu dzuŵa la masana limadzera kumpoto. Ipendeke pang'ono, madigiri ngati 15, kuti mvula izitsuka fumbi. Mthunzi wa nthambi imodzi ya bulugama pangodya ya sola ungathe kudula mphamvu yochuluka kuposa mmene diso lingaganizire.

Koma mtima wa nkhani yonse ndi batire, ndipo apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene tinyumba tambiri totchajira timafera. Sola yabwino imatha zaka 20 ikugwira ntchito. Batire ndiyo imafa, ndipo kaŵirikaŵiri imaphedwa ndi mwini wake. Batire ya galimoto idapangidwa kuti ilize injini kwa kamphindi kenaka idzazidwenso nthaŵi yomweyo. Mukamaikama usiku uliwonse, miyezi isanu ndi umodzi ndi yambiri. Yofunika ndi batire ya sola yeniyeni, yopirira kukamidwa. Ngakhale imeneyo ili ndi lamulo lake: ya 100 Ah pa mavoti 12 imasunga miyeso 1,200, koma yanu ndi theka lokha, ndiye kuti 600. Theka linalo lili ngati mbewu ya m'nkhokwe. Mungathe kuidya, koma mudzalira.

Mudziŵa bwanji kuti mwafika pa theka? Leguleta zambiri zili ndi kagalasi koonetsa mavoti. Muŵerenge m'mamaŵa dzuŵa lisanatuluke, mafoni onse atazulidwa ndipo batire itapuma. Ikaonetsa 12.7 ndi yodzaza. Ikaonetsa 12.2 ili pafupi ndi theka. Mukamaona manambala ochepera 12 mmaŵa ndi mmaŵa, dziŵani kuti mukudya mbewu, ndipo muchepetse mafoni a usiku. Chizindikiro cha batire imene yayamba kufa ndi ichi: imaoneka yodzaza msangamsanga cha m'ma 10 koloko, koma dzuŵa likangoloŵa imagwa ngati thumba lobooka. Ikafika pamenepo palibe mankhwala.

Nchifukwa chake ndidamlangiza mnyamatayu kuti aziwakopa anthu kubweretsa mafoni m'mamaŵa popita kudimba, kudzatenga madzulo. Foni yotchajidwa masana imamwa mphamvu yochokera kusola mwachindunji, batire ili chipumire. Foni yogona m'kanyumbamo ndiyo imakalambitsa batire.

Inveta tidaifufuta pakapepala paja, ngakhale iye adakana poyamba chifukwa aliyense amene adamuona ali nayo. Taganizani: batire ili ndi mavoti 12, inveta iwakweza kufika pa 230, kenaka chaja iwatsitsanso kufika pa 5. Kuli ngati kuchoka ku Kabudula kupita ku Nambuma kudzera ku Blantyre. Pa ulendo wonsewo mphamvu imataika, ndipo inveta imadya ngakhale palibe foni yolumikizidwa. Yodya mawati 8 ili chikhalire, pa maola 12 yameza miyeso pafupifupi 100, chakudya cha mafoni aakulu anayi. Njira yachidule ndiyo machaja a mtundu wa m'galimoto, otenga mavoti 12 nkupereka 5 m'mabowo a USB. Inveta idzagulidwe tsiku limene adzafune kuonjezera makina ometera.

Mabowo akhale angati? Foni yaikulu imakhala pachaja maola ngati 3, yaing'ono maola 2. Pa tsiku la msika ndiye maola 45 kuphatikiza 60, onse 105. Tikagaŵa ndi maola 8 a ntchito tipeza mabowo 13, koma popeza anthu amabwera mounjikana, 16 kapena 20 ndi abwino. Chenjezo nali: kabokosi ka mabowo 10 kolembedwa mawati 60 kamagaŵa mawati 6 pa bowo onse akadzaza, pamene foni yaikulu imafuna 10. Mwini foni akabwera madzulo napeza ili pa theka, maŵa adzapalasanso njinga kupita ku Nsaru. Ndi bwino kugula timabokosi tingapo, mafoni aakulu nkuwamwaza. Pawaya wochoka kubatire, pafupi penipeni ndi mutu wake, paikidwe fyuzi, chifukwa mawaya akagundana batire yotere imaŵiritsa waya mpaka kuyatsa denga la udzu.

Ku sitolo tidapita ndi tepi yoyezera. M'sitolo ina adationetsa sola yolembedwa mawati 200, koma kukula kwake ngati thireyi ya tiyi. Sola yoona ya mawati 100 imatalika pafupifupi mita imodzi, m'lifupi kupyola theka la mita pang'ono, ndipo chomata cha kumbuyo sichisintha zimenezo. Batire nayo tidaiyesa ndi manja. Ya mtovu ya 100 Ah imalemera makilogalamu pafupifupi 30. Ngati mwana wa sukulu angainyamule ndi dzanja limodzi, mtovu mulibe.

Potsiriza tidakhala pansi kuŵerengera ndalama. Tiyerekeze kuti foni yaing'ono alipiritsa K200, yaikulu K300. Tsiku la msika apeza K10,500, masiku ena theka lake. Onani kuti foni yaikulu idya kanayi koma ilipira kamodzi ndi theka, choncho mudzi ukamadzaza mafoni aakulu, mtengo wake uyenera kusuntha. Tiyerekezenso kuti batire yatsopano ndi K360,000 ndipo ikhala zaka ziŵiri. Ndiye kuti K500 tsiku lililonse si yake, ndi ya batire. Ndidamuuza kuti azionjezerapo, pakuti zipangizozi zimachokera kunja, ndipo tonse tikukumbuka mmene mitengo idalumphira kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023.

Mkazi wake ndiye adakumbutsa chimene ife aŵiri tidaiŵala. Foni imodzi yaikulu ikasoŵa, phindu la miyezi ingapo lapita, ndi mbiri yomwe. Adagula kope, nadula timakatoni tiŵiritiŵiri ta nambala yofanana, kena komangirira pafoni ndi mphira, kena kopatsa mwini wake. M'kopemo amalemba mtundu wa foni ndi ming'alu imene yabwera nayo, ndipo wopanda kakatoni sapatsidwa foni, ngakhale akhale mwana wa mwini wake.

Ndalama za soya sizidakwanire zonse. Adayamba ndi sola imodzi, leguleta ya maampu 20, batire yeniyeni ndi mabowo 10, ndipo pa tsiku la msika amabweza mafoni aakulu akapyola asanu. Sabata yatha adandiimbira m'mamaŵa. "Atsibweni, lero yaonetsa 12.4." Sola yachiŵiri akuti adzagula akakolola mtedza, mvula isanagwe.