Mwana amene saona bwino sadandaula

Mwana wa Sitandade 1 amene saona bwino pa bolodi nthawi zambiri sanena. Iye amangoti anzake onse amaonanso zimenezo, zilembo zachimbuuzi. Choncho ntchito yozindikira ili kwa makolo ndi aphunzitsi.

Muoneni akamayang'ana chinthu chakutali. Kodi akuchepetsa maso ngati wathobwa ndi dzuwa? Ena amasendera kutsogolo kwenikweni m'kalasi, kapena kukopera m'kope la mnzawo m'malo mwa pa bolodi, n'kumatchedwa aulesi. Ena buku amaligunditsa kumphuno, amapendeketsa mutu, amatikita maso, kapena mutu umawapweteka akawerenga.

Chovuta kuchigwira ndi pamene vuto lili m'diso limodzi lokha. Mwana amasewera bwinobwino chifukwa diso labwino likugwira ntchito ya awiri, koma ubongo umayamba kunyalanyaza diso lofookalo. Zikapitirira mpaka zaka 7 kapena 8, kulibwezeretsa kumavuta, ngakhale ndi magalasi. Yesani kumuphimba diso limodzi, kenako linalo. Akamavomera kwina koma kwina n'kukankha dzanja lanu, mwina mwatseka diso limene amadalira. Diso lothawira mkati kapena kunja nalonso si la “adzakula nalo”. Ndipo mukaona choyera pakati pa diso, pamene pamayenera kuda, thamangani naye kuchipatala osadikira.

Poyeza, mwana amaima pa mtunda wa mamita 6 kuchokera pa chikwangwani. Amene sadziwa kuwerenga amamuonetsa zithunzi, kapena chilembo cha E chotembenuzidwa mbali zosiyanasiyana, iye n'kuloza ndi zala kumene miyendo yake yayang'ana. Awa ndi masewera oti muyambiretu kunyumba. Jambulani E wamkulu pa katoni, muzimutembenuza, mwana aziloza. Akazolowera, aphimbe diso limodzi ndi chikhatho, osalikanikiza komanso osasuzumira pakati pa zala. Mwana wosazolowera amalakwitsa chifukwa cha manyazi, woyeza n'kuvutika kusiyanitsa mantha ndi vuto la maso.

Za mankhwala odontheza m'maso muuzeni zoona: amaluma pang'ono n'kuleka, koma si jakisoni. Kumunamiza kuti sizipweteka n'kumene kumachititsa kuti diso lachiwiri likhale nkhondo. Mankhwalawa amakulitsa kadontho kakuda ka diso ndi kufewetsa minofu yake kuti muyezo ukhale woona. Mumadikira mphindi 30 kapena kuposerapo, kenako amamuunika ndi katochi. Akatuluka, dzuwa limamuthobwa ndipo zapafupi saziona bwino, mwina mpaka mawa lake, choncho tengani chipewa.

Pitani m'mawa mwana atadya, buku la kuchipatala lili m'manja, ndipo mukanene ngati anabadwa masiku asanakwane kapena ngati pamtundu panu alipo ovala magalasi. Zipatala za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Mzuzu Central ndi Nkhoma zili ndi mbali yoona za maso. Magalasi ogula pamsika, kapena osiyidwa ndi mkulu wake, musamuveke: muyezo wa diso lililonse ndi wakewake.