Kujambula ndi cala pa foni: gwiritsani nchito zigawo zitatu

Mwina mumakonda kujambula zithunzi ndi pensulo, koma mapepala amatha msanga. Foni yanu ingathe kukhala pepala, ndipo cala canu cingakhale pensulo. Vuto ndi lakuti cala ndi cacikulu. Cimaphimba mzere umene mukujambula, ndipo cimanjenjemera. Mukafuna kufufuta pamene mwalakwitsa, mumafufutanso pamene panali pabwino. Ambiri amasiyira pomwepa, n'kumati foni sijambula bwino. Koma pali njira yake. Njirayo ndi kugawa cithunzi m'zigawo.

Mapulogalamu ojambulira alipo ambiri, monga Sketchbook ndi ibis Paint X. Pano tikamba za ibis Paint X. Imapezeka pa Play Store mosalipira, koma imaonetsa zotsatsa malonda. Poiika m'foni pamafunika intaneti. Ikalowa, mungathe kujambula ngakhale mulibe intaneti.

Kodi cigawo n'ciyani?

Ganizirani mapepala atatu a pulasitiki oonekera mkati, mutawasanjikiza. Pa lililonse mwajambulapo kanthu. Mukayang'ana kucokera pamwamba, mumaona cithunzi cimodzi. Koma mukapukuta pepala limodzi, enawo sakhudzidwa. Zigawo zimagwira nchito cimodzimodzi. Ngati foni yanu ili m'Cipwitikizi, cigawo cimalembedwa kuti Camada. Ngati ili m'Cingelezi, cimalembedwa kuti Layer. Batani lake lili m'munsi, ca kumanja, ndipo limaoneka ngati mapepala osanjikizana okhala ndi nambala. Nambalayo imakuuzani cigawo cimene muli pa nthawiyo.

Tiyeni tiyese ndi nsomba ya cambo, imene anthu a m'mbali mwa nyanja ku Metangula amaidziwa bwino.

Cigawo 1: kuyeserera

Tsegulani pepala latsopano podina cizindikiro ca +. Musasankhe pepala lalikulu kwambiri, cifukwa foni yocepa mphamvu imayamba kucedwa. Mukatsegula, muli pa cigawo 1.

Apa musavutike ndi kukongola. Jambulani thupi la nsomba ngati dzira logona cam'mbali. Kumbuyo ikani mcira. Pamsana ikani cipsepse cacitali, ndipo kumutu ikani kadontho ka diso. Mizere ikhote, idutsane, palibe kanthu. Cimene mukufuna ndi kuona ngati mutu sunakule kuposa thupi, komanso ngati mcira wakwana pa pepala.

Mukakhutira, dinani batani la zigawo. M'munsi muli kamzere kokoka kolembedwa 100%. Kakokereni kumanzere mpaka pa 30%. Nsomba yanu izimiririka, koma izionekabe pang'ono. Tsopano yakhala ngati mapazi a pamcenga oti muwatsate.

Musanacoke pamenepo, dinani + kawiri kuti muwonjezere cigawo 2 ndi cigawo 3. Cigawo 3 ndiye capamwamba. Dinani cimeneco.

Cigawo 3: mizere yeniyeni

Apa ndi pamene cala cimavuta, ndiye pali zinthu zitatu zokuthandizani.

Coyamba, kulitsani cithunzi. Ikani zala ziwiri pa galasi la foni n'kuzitalikitsa, monga mumacitira poona cithunzi ca m'bale wanu. Diso la nsomba likule ngati ndalama yacitsulo. Likatero, cala sicingaliphimbe lonse. Ndi zala ziwiri zomwezo mungathe kutembenuza pepala, kuti mzere uliwonse muukoke molowera kumene dzanja lanu limamasuka.

Caciwiri, pulogalamuyi ili ndi cida cowongola mzere wonjenjemera. Dzina lake ndi Estabilizador, kapena Stabilizer. Cimapezeka pamwamba, pa kacithunzi ka dzanja. Nambala zake zimayambira pa 0 kufika pa 10. Yambani ndi 5. Mukaona kuti msana wa nsomba ukadali ndi mabampu, kwezani pang'ono. Koma mukakweza kwambiri, nsonga zakuthwa zimayamba kukhala zobulungira. Conco pojambula minga ya cipsepse, tsitsani nambalayo.

Cacitatu, musathamangire cofufutira. Mzere ukalakwika, gogodani pa galasi kamodzi ndi zala ziwiri. Mzerewo ucoka wonse, ndipo ina yonse itsala. Kokani mzere mofulumira, ndi mtima umodzi. Mzere wokokedwa pang'onopang'ono ndi umene umanjenjemera kwambiri. Kubwereza msana wa nsomba kasanu si kulephera ayi, ndi mmene nchitoyi imayendera.

Mukamaliza mizere, bwererani ku zigawo. Pa cigawo 1 pali kacizindikiro ka diso. Kadineni. Zoyeserera zija zibisika, ndipo patsala nsomba yoyera bwino.

Cigawo 2: mitundu

Tsopano dinani cigawo 2. Cili pansi pa mizere yanu, conco utoto sungaphimbe mizereyo. Sankhani cida cooneka ngati ndowa ya penti, sankhani mtundu wotuwa, ndiyeno gogodani mkati mwa thupi la nsomba. Thupi lonse lidzala nthawi imodzi.

Nanga pepala lonse likatuwa? Musadandaule. Zimenezi zikutanthauza kuti mzere wanu uli ndi mpata penapake, ndipo utoto watulukira pamenepo, monga madzi m'ndowa yoboola. Gogodani ndi zala ziwiri kuti utotowo ucoke. Kulitsani cithunzi n'kuyenda ndi maso m'mbali monse mwa nsomba. Kawirikawiri mpata umakhala pamene mizere iwiri ikumana, monga polumikizana mcira ndi thupi. Pitani pa cigawo 3, tsekani mpatawo, kenako bwererani pa cigawo 2 n'kuthiranso.

Apa ndi pamene muone phindu la zigawo. Ngati mtundu wotuwa sunakusangalatseni, fufutani wonse. Mizere imene munaivutikira ija sikhudzidwa ngakhale pang'ono.

Colakwika cimene cimagwira aliyense

Colakwika cacikulu ndi kujambula pa cigawo colakwika. Munthu amaiwala kusintha, n'kujambula mizere yake yabwino pa cigawo 1. Mungadziwe bwanji? Mzere umatuluka wozimiririka ngakhale mwasankha mtundu wakuda. Komanso mukadina kadiso kaja, nsomba yonse imasowa. Mukazindikira msanga, gogodani ndi zala ziwiri mpaka mizereyo itacoka. Mukazindikira mocedwa, tsegulani cigawo cina pamwamba n'kutsatanso mizereyo. Conco dzizolowezeni cinthu cimodzi: cala cisanakhudze pepala, yang'anani nambala ya m'munsi ija.

Musataye nchito yanu

Zithunzi zimene mukujambula zimasungidwa mkati mwa pulogalamu momwemo. Tsiku lina foni ikadzaza, inu kapena mwana wanu mungacotse pulogalamuyo pofuna malo. Zikatero, zithunzizo zimapita nayo limodzi. N'cifukwa cake mukamaliza cithunzi, cisungeni ngati PNG kapena JPEG. Cikatero cimalowa kumene kumakhala zithunzi zina za m'foni, ndipo mungacitumize pa WhatsApp kwa m'bale kuti cikhale malo awiri. Dziwani kuti cithunzi cosungidwa motere cimakhala cimodzi cophatikizana. Zigawo zake sizingapatulidwenso, ndiye kukonza kulikonse muzicitira m'pulogalamu muja.

Lero musayambe ndi nkhope ya munthu. Yambani ndi cambo yomweyi, kapena mtsuko, kapena tsamba la cinangwa. Pa 1 yesererani, pa 3 jambulani mizere, pa 2 thirani mitundu. Mukamaliza, dinani kadiso ka cigawo ciliconse, cimodzicimodzi, kuti muone ngati ciliconse cili pamalo pake.