Kalata kwa adokotala: piritsi la tulo la amayi liunikidwenso

Mapiritsi a tulo monga dayazepamu, amene ambiri amawadziwa kuti Valiyamu, amayenera kumwedwa kwa masabata awiri mpaka anayi basi. Koma si zachilendo kupeza gogo amene anawalandira pa nthawi ya maliro a amuna awo akuwamwabe patapita zaka zitatu. Mwezi uliwonse amapita ndi buku lawo la kuchipatala, mzere ndi wautali, olembera mankhwala amangokopera zomwe zili patsamba lapitalo. Amene amaona kusintha ndi mwana wa pakhomo, ndipo kalata yake ikhoza kuthandiza kuposa mmene iye akuganizira.

Tiyerekeze mayi wa zaka 74 amene amamwa mamiligalamu 5 usiku uliwonse. Mwana wawo wamkazi akhoza kulemba motere:

"Adokotala, ndine mwana wa mayi amene mumawaona mwezi ndi mwezi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Anayamba dayazepamu bambo atamwalira, zaka zitatu zapitazo, ndipo sanadumphitsepo usiku. Miyezi iwiri yapitayi agwa kawiri popita kuchimbudzi m'bandakucha. Amasinza mpaka dzuwa litakwera, ndipo sabata yatha anaiwala poto pamoto. Akamva chimfine amawonjezera piritoni wogula kugolosale. Amayi akudziwa kuti ndakulemberani. Sindinawasiyitse mankhwala. Ndikupempha kuti muunikenso ngati akufunikabe, ndipo ndidzabwera nawo limodzi tsiku lawo likadzakwana."

Kalatayi ilibe mawu akuti "mankhwalawa akuwononga amayi". Muli zinthu zimene dokotala sangazione m'mphindi zochepa: dzina la mankhwala, mlingo, nthawi imene anayamba, kugwa kangati ndiponso nthawi yanji. Kugwako ndiko kudzamudzidzimutse. Dayazepamu amachedwa kuchoka m'thupi. Chiwindi chimamusandutsa mankhwala ena amene amagwirabe ntchito kwa masiku angapo, ndipo mwa okalamba zimachedwa kwambiri. Choncho piritsi la lero limapeza la dzulo ndi la dzana asanathe. Miyendo imafooka, munthu amadzandira, ndipo gogo akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, kuyendanso kumavuta. Kuiwalaiwala kumene abale amangoti ndi ukalamba nthawi zina kumachokera m'kapepala ka mapiritsi komweko. Piritoni nayenso amagonetsa, mowa chimodzimodzi, n'chifukwa chake ayenera kutchulidwa ngakhale sanalembedwe m'buku.

Mzere wakuti "sindinawasiyitse" ndi wofunika kuposa yonse. Mwana wodera nkhawa amaganiza zobisa mapiritsi kapena kuwataya m'chimbudzi, koma kutero n'koopsa. Thupi limene lazolowera kwa zaka likamanidwa mwadzidzidzi, tulo timathawiratu, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amachita mantha osadziwika bwino, ndipo ena amakomoka n'kumaphupha ngati wakhunyu. Chifukwa dayazepamu amachoka pang'onopang'ono, zizindikirozi zikhoza kuyamba patapita masiku angapo, banja litayamba kale kuganiza kuti zonse zili bwino.

Dokotala akavomereza, amatsitsa mlingo pang'onopang'ono, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo 10 pa sabata imodzi kapena iwiri. Kwa mayi wathuyu ndiye kuti kuchotsako pafupifupi theka la miligalamu pa sitepe yoyamba. Piritsi la mamiligalamu 5 silidulika bwino kufika pamenepo, kotero dokotala ndi wopereka mankhwala ndiwo amapeza njira, osati mpeni wa kukhitchini. Zikhoza kutenga miyezi. Zikavuta pakati, amaima pa mlingo umenewo kwa kanthawi kenaka n'kupitiriza. Mausiku oyamba pa sitepe iliyonse tulo timasokonekera, ndipo amayi ayenera kuuzidwiratu kuti zimenezi zimadutsa, apo ayi adzanena kuti matenda abwerera.

Dokotala wabwino adzafunsanso chimene chikuwalanda tulo. Mwina ndi ululu wa m'mawondo, mwina ndi tiyi wa madzulo, kapena chisoni chimene sichinathe. Mwinanso mapiritsi a magazi okodzetsa aja akumwedwa madzulo m'malo mwa m'mawa, ndiye akuwadzutsa katatu usiku.

Chimene chimakhumudwitsa ana ambiri ndi chinsinsi cha wodwala. Dokotala akhoza kuwerenga kalata ndi kuchitapo kanthu, koma sangakufotokozereni za matenda a amayi popanda chilolezo chawo, ngakhale muli mwana woyamba amene mumalipira thiransipoti. Kalatayo ikhozanso kusungidwa pamodzi ndi zolemba zawo, ndipo amayi akhoza kuimva. Ndi bwino kuwawerengera musanatumize, n'kuwapempha kuti auze adokotala okha kuti akulolani kulowa nawo m'chipinda. Popita, tengani buku lija ndi mankhwala onse a m'nyumba m'jumbo limodzi, ogula okha ndi azitsamba omwe.