Ngongole yosatha siibwezedwa ndi chuma chosatha

Wophunzira kalikyulasi amayamba ndi malo okhala ndi malire: kuwerengera kukula kwa malo a pansi pa mzere wa gilafu, kuyambira pa x = 0 kukalekezera pa x = 3. Chida chake chimatchedwa intigiro. Malo akakhala pamwamba pa mzere wa x amawerengedwa ngati ndalama zolowa, akakhala pansi pake amawerengedwa ngati ngongole.

Nanga malire akachotsedwa? Chizindikiro cha ∞ si nambala yoti munthu n'kuilowetsa m'masamu; chimangotanthauza kuti ulendo sukutha. Ndiye timaima pa nambala ina, tiitche R, n'kuwerengera malo mpaka pamenepo, kenako n'kumaikankhira R kutsogolo. Yankho likamayandikira nambala imodzi, nambalayo ndiyo intigiro yathu. Likamangokulirakulira, intigiroyo ilibe yankho.

Pamene ambiri amaterereka ndi pamene mbali zonse ziwiri zilibe malire, kuchokera ku −∞ kukafika ku +∞. Lamulo lake ndi ili: dulani pakati, pa malo amene mwasankha, kuti chigawo chilichonse chikhale ndi vuto limodzi lokha. Chigawo chilichonse chiyesedwe pachokha, ndipo zonse ziwiri zikapereka nambala yeniyeni, m'pamene mungaziphatikize.

Tiyambe ndi 1/(1 + x²), imene intigiro yake ndi arctan x. Tikadula pa 0, kumanja kumapereka π/2 ndipo kumanzere π/2, zonse pamodzi π. Tikadula pa 1, kumanzere kumapereka 3π/4, kumanja π/4, ndipo yankho likadali π. Kachigawo ka pakati pa 0 ndi 1 n'kokhala ndi malire, kangosamuka kuchoka kumanja kupita kumanzere. Motero sankhani pamene masamu akuphweka, bola fankishoni isakhale yophulika pamalopo.

Tsopano tisinthe pang'ono, titenge 2x/(1 + x²). Intigiro yake ndi ln(1 + x²). Gilafu yake imakopa maso: phiri la kumanja ndi lofanana ndendende ndi chigwa cha kumanzere. Kuchokera pa −R kufika pa R, yankho ndi 0 pa R aliyense, ndipo dzanja limathamangira kulemba 0.

Koma dulani pa 0, muyang'ane kumanja kokha. Malo ake ndi ln(1 + R²). R akakhala 10, timapeza pafupifupi 4.6, akafika 1000, pafupifupi 13.8. Akukula pang'onopang'ono, zoona, koma sasiya kukula, ndipo palibe nambala imene sadzaipitirira. Kumanzere n'chimodzimodzi, ngongole ikungomka nikula. Zimene dzanja linalemba zija zinali ∞ − ∞, ndipo kuchotsera kotero kulibe tanthauzo.

Wina anganene kuti uku n'kuumirira malamulo chabe, popeza mbali ziwirizo n'zofanana. Funso lake n'labwino, ndipo yankho lake ndi limene ndimalikonda kwambiri pa nkhani yonseyi. Ndani analamula kuti mbali ziwirizi ziyende pa liwiro limodzi? Lolani wa kumanja athamange kawiri, tiwerengere kuchokera pa −R kufika pa 2R. Timapeza ln((1 + 4R²)/(1 + R²)), ndipo R akamakula, izi zimayandikira ln 4, pafupifupi 1.39. Akathamanga katatu, timafika pa ln 9, pafupifupi 2.2. Njira zonsezi zikukuta mzere wonse, fankishoni ndi yomweyo, koma mayankho atatu osiyana. Yankho losintha malinga ndi mmene mwayendera silingakhale kukula kwa malo. Yesani zomwezi pa 1/(1 + x²): muthamange mmene mungafunire, mudzafikabe pa π.

Sikuti 0 uja n'ngwachabe. Katswiri wa ku Falansa, Augustin-Louis Cauchy, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1789 mpaka 1857, anafufuza za kuyenda mofanana mbali zonse, ndipo yankho lopezeka motero limadziwika ndi dzina lake. Polemba, amaika p.v. kutsogolo kwa intigiro, kuchenjeza wowerenga kuti apa pachitika mgwirizano wapadera. Chinyengo chimabwera zilembozo zikasiyidwa.

Msampha womwewu umapezekanso pa malo aafupi. Fankishoni 1/x − 1/(1 − x), pakati pa 0 ndi 1, imaphulikira m'mwamba pafupi ndi 0 ndipo imagwera pansi pafupi ndi 1. Kuyandikira mbali ziwirizo mofanana kumapereka 0, koma mukadula pa 1/2, chigawo choyamba chokha chimakula mosalekeza.

Choncho, mukaona kuti pali vuto kumayambiriro ndi kumapeto, patsani mbali iliyonse chilembo chakechake, iyi R, inayo S, osati chilembo chimodzi pa zonse. Chigawo chimodzi chikakanika kukhazikika, lekerani pomwepo, mulembe kuti intigiroyo ilibe yankho.