Ngongole ya katapila ndi nambala yotchedwa e

Tiyerekeze kuti mumagulitsa tomato pamsika wa Chiputula mumzinda wa Mzuzu ndipo mpamba wanu waduka. Mwapita kwa munthu wa katapila, wakubwereketsani K10,000 pamgwirizano woti pakutha pa mwezi mudzabweza K20,000. Chiwongoladzanja chake ndi 100 peresenti pamwezi. N'chowawa, koma masamu ake ndi osavuta.

Tsono wa katapila uja wachenjera. Akuti chiwongoladzanja sichisintha, koma achigawa pawiri: 50 peresenti pakati pa mwezi, 50 peresenti ina kumapeto. Mwina mungaganize kuti palibe chasintha, koma chilipo. Pa tsiku la 15 ngongole yanu yafika K15,000, ndipo 50 peresenti yachiwiri ija aiwerengera pa K15,000, osatinso pa K10,000. Mwezi ukamatha mukufunika kubweza K22,500. K2,500 yapamwambayo ndi chiwongoladzanja chimene chabadwa kuchokera ku chiwongoladzanja chinzake.

Ataona kuti kugawa kukumupindulitsa, munthuyu sangalekere pomwepo. Akagawa kanayi, 25 peresenti ulendo uliwonse, mudzabweza K24,414. Akamawerengera tsiku ndi tsiku kwa masiku 30, ngongole ifika K26,743.

Apa imani kaye mudzifunse: nanga akamawerengera ola lililonse, kapena mphindi iliyonse, ngongoleyi ifika pati? Anthu ambiri amayankha kuti ikwera mpaka mamiliyoni. Ayi ndithu. Pa ola lililonse, komwe ndi kugawa ka 720, ngongole ndi K27,164. Pa mphindi iliyonse, komwe ndi kugawa ka 43,200, ndi K27,182.50. Ngakhale atamawerengera pa sekondi iliyonse, angowonjezerapo matambala 31 basi. Pali denga limene ngongoleyi ikuyandikira koma osaligunda, ndipo dengalo lili pa K27,182.82 tikazungulizira ku tambala.

Gawani ndalama imeneyi ndi K10,000 munabwereka ija. Mupeza 2.71828. Iyi ndiyo nambala imene akatswiri a masamu amaitcha e. Amene anakumana nayo pa funso la chiwongoladzanja ngati lomweli ndi Jacob Bernoulli wa ku Basel m'dziko la Switzerland, m'chaka cha 1683. Chilembo cha e chinabwera pambuyo pake ndi Leonhard Euler, wobadwiranso ku Basel, yemwe anachigwiritsa ntchito m'buku lake la Mechanica la 1736.

Zimene mwachitazi zingalembedwe mwachidule. Mukagawa mwezi m'magawo n, gawo lililonse limachulukitsa ngongole ndi 1 + 1/n, ndipo limatero ka n:

```
(1 + 1/n)^n
```

Nambala e ndi malire a zimenezi pamene n akukulirakulira. Mawu oti malire, kapena kuti limiti monga amanenera ana a sukulu, ali ndi tanthauzo lokhwima pano. Palibe n aliyense amene angakupatseni e yeniyeni. Chimene tikunena n'chakuti mukasankha mpata wina uliwonse, ngakhale wochepa ngati tambala imodzi pa K10,000 ija, pali n amene kuyambira pa iye mayankho onse amakhala mkati mwa mpatawo, pafupi ndi e, osatulukamonso. Manambala a e pambuyo pa dontho satha ndiponso sabwereza mwadongosolo, choncho 2.71828 ndi kuyandikira chabe.

Nanga denga likuchokera kuti? Iphwanyeni ngongole ija m'mibadwo, ngati banja. Kholo ndi K10,000 munabwereka. Khololi limabereka K10,000 pamwezi, kaya mwagawa kawiri kaya ka miliyoni. Mwana ameneyu nayenso amabereka, koma iye sabadwa yense pa tsiku loyamba. Amabwera pang'onopang'ono, kwacha ina kumayambiriro kwa mwezi, ina kumapeto, kotero kuti tikaphatikiza zonse amagwira ntchito theka la mwezi lokha. Mdzukulu ndiye sangapitirire K5,000. Mdzukulutuvi amabwera mochedwa kuposa apo, ndipo amafika pa gawo limodzi mwa magawo atatu a K5,000, yomwe ndi K1,667. Wotsatira ndi gawo limodzi mwa anayi a imeneyo, K417. Kenaka K83, K14, K2. Phatikizani zonsezi mupeza K27,183. Mibadwo ilibe mathero, koma ikuchepa mofulumira kwambiri moti yotsalayo singasunthe denga.

Ophunzira ambiri amagwa pa malo amodzi. Amati popeza 1/n akuyandikira ziro, 1 + 1/n akusanduka 1, ndipo 1 kumuchulukitsa ndi iye mwini kangati konse ndi 1. Cholakwika n'chakuti iwo akulitsa n wa mkati mwa mabulaketi poyamba n'kusiya wapamwambayo kuti adzabwere pambuyo, chonsecho awiriwa ndi nambala imodzi ndipo amakula limodzi. Kuti muone kuti yankho la 1 ndi labodza, kumbukirani kuti kugawa kamodzi kokha kunapereka kale 2, ndipo kugawa kowonjezera kulikonse kunkakweza yankho. Chodabwitsa, kakyuleta nayo imagwa m'mbuna yomweyi. Mukalemba n wamkulu mopitirira muyeso, monga 1 wotsatidwa ndi maziro 20, makakyuleta ambiri amataya kachidutswa ka 1/n n'kukuyankhani kuti 1. Yesani ndi n wa 1,000 kapena 100,000, muona 2.7169 ndi 2.71827.

Kunena zoona, palibe wa katapila amene amawerengera pa sekondi. Koma zinthu zamoyo zimatero. Yisiti mu ufa wa mandasi sadikira kutha kwa mwezi kuti aswane, ndipo ana sabadwa onse pa 31 Disembala. Paliponse pamene chinthu chikukula nthawi zonse, ndipo liwiro la kukulako likudalira kuchuluka kwa chimene chilipo kale, ndiye kuti mwafika pa n wopanda malire uja. Ngati mlingo wa kukula ndi r ndipo nthawi ndi t, chimene munayamba nacho, A, chimafika pa:

```
A × e^(r × t)
```

Onani mzinda wanu womwe. Kalembera wa 2018 wa ofesi ya National Statistical Office anapeza anthu 221,272 mu Mzuzu, ndipo chiwerengerochi chinkakula ndi 5.4 peresenti pachaka kuchokera pa kalembera wa 2008. Wina wofuna kudziwa anthu amene adzafune madzi ndi makalasi patatha zaka khumi angachulukitse 5.4 ndi 10, n'kupeza 54 peresenti, n'kunena kuti anthu adzakhala pafupifupi 341,000. Iyeyu waiwala zidzukulu za ngongole zija. Mukawerengera ndi e, r × t ndi 0.54, ndipo e^0.54 ndi 1.716. Yankho ndi anthu pafupifupi 380,000. Kusiyana kwake ndi anthu 39,000, omwe mipopi ndi madesiki awo sanalowe m'bajeti. Pa liwiro lomweli chiwerengero chimawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 13, zimene mumapeza pogawa 0.693 ndi 0.054.

Komabe musaikhulupirire fomulayi mopitirira. Imagwira ntchito pokhapokha r asakusintha. Anthu ambiri amene mumawaona akumanga ku Chiputula, Mchengautuwa ndi Zolozolo sanabadwire mumzindawu, anachita kusamukiramo, ndipo kusamuka kumatsata ntchito, malo omangapo ndi mtengo wa lendi. Njira yoyesera ndi iyi: gawani chiwerengero cha nthawi ina ndi cha nthawi ya m'mbuyo mwake, pa mipata yofanana. Ngati mayankho akufanana, e akadali pa ntchito. Akayamba kutsika, ndiye kuti chinachake, kaya malo, kaya madzi, kaya shuga mu ufa wa mandasi uja, chayamba kuchepa.