Kutuluka m'Kaundula wa VAT Malonda Akatsika

Malonda a miyezi 12 akatsika kufika pansi pa K800,000, tingathe kupempha a ZRA kuti atichotse m'kaundula wa VAT. M'pempholo tiwauze TPIN yathu, chimene chatsitsa malonda, ndiponso ndalama zonse zimene tinagulitsa mwezi uliwonse, osati phindu lokha.

Chimene ambiri amaiwala ndi katundu wotsala. Ngati tinabwezeredwa VAT pomugula, lamulo limamuona ngati wagulitsidwa pa tsiku lotuluka. Mwachitsanzo, amene sitolo yake yatsala ndi simenti ndi malata a K50,000 adzalipira 16 peresenti, yomwe ndi K8,000. Choncho tiwerenge katunduyo tisanapemphe.

Kufikira a ZRA atavomereza, tipitirize kulipiritsa VAT ndi kutumiza mafomu mwezi ndi mwezi, pakuti kungosiya kumadzetsa chilango.