Kutulutsa mpweya ndi milomo yosongola

Pamzere wa odwala chifuwa m'chipatala sipasowa mkulu wina amene wakhala chowerama, manja atatsamira pa mawondo, milomo atasongola ngati akuuzira phala lotentha. Nthawi zambiri palibe anamuphunzitsa zimenezi. Thupi linazipeza lokha, ndipo madokotala a mapapo amaphunzitsa dala kapumidwe komweka kwa odwala matenda otseka njira za mpweya, otchedwa COPD. Bungwe la WHO linati matendawa anapha anthu oposa 3 miliyoni m'chaka cha 2019. Gwero lake lalikulu ndi kusuta fodya, koma utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera umawononganso mapapo, monganso zipsera zimene chifuwa cha TB chimasiya.

Ambiri amaganiza kuti wodwala wotere akulephera kukoka mpweya. Vuto lenileni ndi kuutulutsa.

Munthu akagwira pakhosi pake amamva timphete tolimba ta kholingo. Timphete timeneti timateteza njira zikuluzikulu za mpweya kuti zisaphwafuke. Koma njirazo zimagawikagawika mpaka kufika pa timachubu tosakwana mamilimita 2 kukula kwake, ndipo timeneti tilibe cholimbitsa chilichonse. Timakhala totseguka chifukwa timatumba ta mpweya totizungulira, timene n'totamuka, timatikokera kunja mbali zonse. Matenda a emfizema, omwe ndi mbali ina ya COPD, amabowola ndi kuwononga timatumbati, motero timachubu tija timatsala opanda chotigwira.

Potulutsa mpweya, chifuwa chimafinya mapapo. Mphamvu imene ikukankhira mpweya kunja ndi yomweyonso imene ikupanikiza timachubu tofookato. Mpweya wa m'kati mwa kachubu umakankha khoma lake, koma kukankhako kumacheperachepera pamene mpweyawo ukulowera kukamwa. Pamalo pamene mphamvu ya kunja yaposa ya m'kati, kachubu kamatsekeka, mpweya wakale n'kutsalira kumbuyo kwake. Wodwala akamakakamiza kwambiri, m'pamenenso akutseka kwambiri. Mpweya wotsalirawo umachuluka pa kupuma kulikonse mpaka chifuwa chimatupa, malo a mpweya watsopano n'kusowa.

Apa m'pamene milomo imathandiza. Kabowo kakang'ono kamene munthu wasiya pakamwa kamachedwetsa mpweya, ndipo kuchedwako kumakweza pang'ono mphamvu ya mpweya m'njira yonse, kuchokera pakamwa mpaka kutsikira ku timachubu. Kukwerako n'kochepa ndithu, koma kumatha kukwanira kuti timachubu tisafulumire kutsekeka, ndipo malo opanikizika aja amasunthira ku njira zikuluzikulu zimene zili ndi timphete.

Phindu lina ndi nthawi. Tiyerekeze mayi wodwala COPD amene akukwera chitunda kuchokera ku mjigo, befu atamupeza, akupuma maulendo 30 pa mphindi imodzi. Ndiye kuti kupuma kulikonse kuli ndi masekondi 2 okha, okokera ndi otulutsira omwe. Mapapo ofooka sangathe kukhuthula mpweya m'kanthawi kotero. Mayiyo ataima, n'kumasula mapewa, n'kukoka mpweya ndi mphuno kwa masekondi 2, kenako n'kuutulutsa ndi milomo yosongola kwa masekondi 4, kupuma kumodzi kukhala masekondi 6, kutanthauza maulendo 10 pa mphindi. Safika pamenepo nthawi imodzi ayi. Amayamba watalikitsa pang'ono kutulutsa kulikonse, mpaka wefuwefu uja atazizira. Akayambanso kuyenda, amawerenga ndi mapazi: awiri akukoka, anayi akutulutsa. Ponyamula ndowa kapena podzuka pa mpando, atulutse mpweya pa nthawi imene akugwiritsa ntchito mphamvuyo, asaubanike m'chifuwa.

Cholakwika chofala ndi kuuzira mwamphamvu. Masaya akafufuma, mitsempha ya m'khosi ikaimirira, kapena munthu akamamaliza ali wotopa kuposa poyamba, ndiye kuti milomo yathina kwambiri kapena akukankha ndi mimba, zomwe zimabweza vuto lomwe lija lofinya timachubu. Mpweya uzituluka wokha, mwakachetechete. China n'kukoka mpweya wambiri poyamba, pomwe mapapo ali odzaza kale. Kukoka kwa masiku onse n'kokwanira. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuyeserera munthu ali phee pa mpando, kangapo pa tsiku, chifukwa luso limene silinazolowereke silibwera mantha akagwira.

Kapumidwe aka sikabwezeretsa timatumba towonongeka, ndipo sikathandiza odwala onse mofanana. Ena amamva kupepuka msanga, ena sasintha kwenikweni. Sikalowanso m'malo mwa mankhwala opopera m'kamwa, kusiya fodya kapena kuchepetsa utsi pophika. Ngati wodwala sakutha kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, milomo kapena zikhadabo zikuoneka zobiriwira modera, akusokonezeka mutu kapena akungosinza, abale asayembekezere kuti milomo ithandiza. Apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, atakhala tsonga, osati atagona chagada.